Mizere ya avareji ikadutsana, msika umakhala utapita kale

Pa 19 Febuluwale 2020, S&P 500, muyezo wa masheya a makampani akuluakulu a ku America, inatseka pa mapointi 3,386. Pofika pa 23 Malichi inali itagwa kufika pa 2,237, mliri wa Covid-19 utagwedeza misika. Anthu otsatira avareji ya masiku 50 ndi ya masiku 200 analandira chizindikiro chogulitsa kumapeto kwa Malichi, patatha pafupifupi sabata kuchokera pamene msika unafika pansi penipeni, mtengo utabwerera kale cha ku 2,600. Chizindikiro chogula chinabwera kumayambiriro kwa Julayi, msika uli cha ku 3,150. Amene anamvera mizereyo anagulitsa motchipa n'kudzagulanso chinthu chomwecho chitakwera ndi pafupifupi 20 peresenti.

Mizereyo sinalakwitse masamu ayi. Inachita zomwe inapangidwira, ndipo munthu wofuna kuigwiritsa ntchito pa tchati cha tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kuti kuchedwako n'kwa masiku angati, chifukwa chiwerengero chimenecho ndi chimene chimanena misika yomwe njirayi ingapindule ndi yomwe ingamudyere ndalama.

Avareji yoyenda ndi yosavuta. Mumatenga mitengo yotsekera ya masiku 50 apitawa, kuiphatikiza, n'kugawa ndi 50. Mawa mumachotsa tsiku lakale kwambiri n'kuikapo latsopano. Pa mapulogalamu a matchati imalembedwa kuti SMA, ndipo ngati mitengo yanu ili mu ndandanda B mukhoza kuipeza nokha polemba `=AVERAGE(B2:B51)`. Tsono funsani kuti mitengo 50 imeneyi ndi ya liti. Umodzi ndi wa lero, wina ndi wa dzulo, wotsiriza ndi wa masiku 49 apitawo. Pakati pake ndi masiku 24 ndi theka. Choncho mzere umene mukuuona lero ukunena za msika wa masabata asanu apitawo, poti msika umatsegula masiku asanu pa sabata. Lamulo lake ndi ili, N kukhala chiwerengero cha masiku:

```
kuchedwa = (N - 1) / 2
```

Avareji ya masiku 200 imatsalira ndi masiku 99 ndi theka, pafupifupi miyezi isanu. Zili ngati ngolo ya ng'ombe pa njira yokhota: ng'ombe zikakhota, ngolo imapitirirabe pang'ono kumene inkalowera, ndipo mpata pakati pa goli ndi mateyala ukakhala waukulu ngoloyo imachedwanso kwambiri kutsatira.

Kudutsana kwa mizere iwiri kumachedwa kuposa mmene anthu ambiri amaganizira, chifukwa mzere wa masiku ochepa uyenera kutembenuka kaye, kenako utseke mpata wonse umene unali pakati pa iwo ndi mnzake. Tiyerekeze kuti mtengo wakhala ukukwera mofanana tsiku lililonse kwa chaka, kenako wayamba kutsika pa liwiro lomwelo. Mukawerengera, mzere wa masiku 50 umadutsa pansi pa wa masiku 200 pa tsiku la 78 kuchokera pamene mtengo unali pamwamba. Imeneyo ndi miyezi itatu ndi theka. Mukatenga mizere ya masiku 10 ndi 30, kudutsanako kumabwera pa tsiku la 13. Kugwa kukakhala kwamphamvu kuposa kukwera kumene kunali m'mbuyo, masikuwo amachepa, n'chifukwa chake mu 2020 chizindikiro chogulitsa chinatenga masabata osakwana asanu ndi limodzi. Koma ngakhale pamenepo chinafika kugwa konse kutatha.

Ena amati vutoli limatha mukasinthira ku EMA, avareji imene imapatsa mitengo yatsopano mphamvu zambiri kuposa yakale. N'zoona kuti EMA imayamba kutembenuka msanga mtengo ukasintha mwadzidzidzi. Koma ikawerengedwa mwa njira yodziwika, yopatsa mtengo wa lero gawo la `2 / (N + 1)`, msinkhu wa mitengo yake umatuluka `(N - 1) / 2` yemweyo, chifukwa imasungabe kachidutswa ka mitengo yakalekale imene SMA inataya. Msika ukamayenda mosalekeza mbali imodzi, mizere yonse iwiri imatsalira mofanana. Phindu lake n'lochepa, ndipo kufulumira komweko kumaichititsa kugwedezeka ndi tinthu ting'onoting'ono.

Kuchedwaku kumalipiridwa kawiri, polowa ndi potuluka. Mumagula masiku 13 mtengo utachoka pansi, n'kugulitsa masiku 13 utachoka pamwamba. Ngati kukwera ndi kutsika kuli pa liwiro limodzi, ndiye kuti ulendo wokwerawo uyenera kupitirira masiku 26 kuti mutsale ndi kanthu. Pa mizere ya 50 ndi 200 uyenera kupitirira masiku 156, miyezi isanu ndi iwiri n'kupitirira. Ulendo wotalika kuposa pamenepo umalipira, ndipo nthawi zina umalipira bwino kwambiri. Mu Disembala 2007 mizere iwiriyi inapereka chizindikiro chogulitsa S&P 500 ili pafupi ndi 1,480. Msika unapitiriza kugwa kwa miyezi yoposa khumi ndi inayi mpaka kufika pa 676 mu Malichi 2009, ndipo chizindikiro chogula chinabwera mu Juni chaka chomwecho cha ku 900. Amene anatsatira anapewa gawo lalikulu la kugwako. Miyezi iwiri imene mizere inachedwa kumayambiriro inali yaing'ono poyerekeza ndi kutalika kwa ulendowo.

Tsopano tione msika wopanda kolowera, umene umangokwera ndi kutsika pakati pa malire awiri. Tiyerekeze kuti pali sheya imene imayenda pakati pa madola 95 ndi 105. Imakwera theka la dola tsiku lililonse kwa masiku 20, kenako n'kutsika chimodzimodzi kwa masiku 20, n'kumabwereza. Msika weniweni sukhala wa dongosolo chonchi, koma chitsanzochi chimaonetsa poyera chimene chimachitika. Mukugwiritsa ntchito mizere ya masiku 10 ndi 30. Mtengo wachoka pa 95, ndipo pa tsiku la 13 mzere wa masiku 10 wadutsa pamwamba pa mnzake. Mtengo uli pa 101.50, mwagula. Kwatsala masiku 7 okha okwera. Mtengo wafika pa 105, mukuona phindu la madola atatu ndi theka pa sheya iliyonse, koma mizere sinanene kanthu. Watembenuka, ukutsika, ndipo pa tsiku la 13 chizindikiro chogulitsa chabwera mtengo uli pa 98.50. Mwataya madola atatu. Patapita masiku 7 mtengo wayambanso kukwera. Pa chaka cha masiku 250 a malonda zimenezi zichitika kasanu ndi kamodzi, ndipo mudzakhala mutataya madola 18 pa sheya imene sinachoke pamene inali, tisanawerengere ndalama za komishoni ndi kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira.

Zimenezi zinachitikadi pa S&P 500 mu 2015 ndi 2016, pamene msika unakhala nthawi yoposa chaka ukungozungulira pakati pa 1,800 ndi 2,130. Mizere ya 50 ndi 200 inati gulitsani kumapeto kwa Ogasiti 2015 cha ku 1,990, inati gulani mu Disembala cha ku 2,020, inati gulitsaninso mu Januwale 2016 cha ku 1,920, n'kuti gulaninso mu Epulo cha ku 2,090. Amene anangogwira masheya ake osachita kanthu anapeza mapointi pafupifupi 100 pa miyezi isanu ndi itatu imeneyo. Wotsatira mizere anataya pafupifupi 100. Zizindikiro zinayi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinamuthandiza.

Apa ndi pamene anthu amayamba kufuna sefa, lamulo lachiwiri loti chizindikiro chidutsemo chisanamveredwe. Masefa awiri odziwika kwambiri ndi kudikira ndi mpata. Kudikira ndiko kunena kuti mizere ikadutsana simuchita kanthu mpaka itakhala choncho kwa masiku atatu otsatizana. Mpata ndiko kunena kuti mzere wa masiku ochepa upitirire mnzake ndi muyezo winawake, monga 1 peresenti. Njira ya 1 peresentiyi ndi yakale. William Brock, Josef Lakonishok ndi Blake LeBaron anaiyesa m'kafukufuku wawo wa 1992, amene anaunika mitengo ya Dow Jones kuyambira 1897 mpaka 1986.

Masefa awiriwa amagwira ntchito pa vuto limodzi lokha. Mizere ikamayendera limodzi ngati yalukana, n'kumadutsana lero, kubwerera mkuja, kudutsananso sabata yamawa, kudikira masiku atatu kapena kufuna mpata kumachotsa zizindikiro zambiri zopanda pake. Koma tiwayese pa sheya yathu ya 95 ndi 105. Mukadikira kuti kudutsanako kukhale masiku atatu, mumagula pa tsiku la 15 m'malo mwa la 13. Mukafuna kuti mpata upitirire dola imodzi, umateronso pa tsiku la 15. Mtengo wogulira tsopano ndi 102.50, wogulitsira ndi 97.50, ndipo mwataya madola asanu m'malo mwa atatu. Sefa yawonjezera kuluza. Ichi n'chimene ndimafuna aliyense wophunzira njirazi achione ndi maso ake, chifukwa ophunzitsa ambiri amatchula sefa ngati mankhwala a msika uliwonse wopanda kolowera, pamene misika yotereyi ili ya mitundu iwiri. Pali wa timafunde ting'onoting'ono, umene sefa imautonthoza. Pali wa mafunde akuluakulu, umene umapyola sefa n'kukulipiritsani masiku amene munadikira.

Mukhoza kukulitsa mpatawo. Pa sheya yathu mizere iwiriyi imatalikirana kwambiri ndi madola 3.90, choncho mpata wa madola anayi ungachotse zizindikiro zonse zabodza. Koma tsiku limene ulendo weniweni udzayambe pa liwiro lomwe lija, mudzalowa pa tsiku la 22 m'malo mwa la 13. Choipa kwambiri n'chakuti mizere ya 10 ndi 30 imatalikirana ndi masiku khumi okha a kuyenda kwa mtengo, ndiye sheya yokwera pang'onopang'ono, masenti osakwana 40 pa tsiku, sidzakupatsani chizindikiro ngakhale itakwera chaka chonse. Vuto lina n'lakuti 1 peresenti ndi yaikulu pa ndalama ya yuro poyerekeza ndi dola, koma ndi yaing'ono pa sheya ya kampani yaing'ono ya migodi. N'chifukwa chake ndi bwino kuyeza mpatawo ndi ATR, avareji ya kutalika kwa kuyenda kwa mtengo pa tsiku, imene J. Welles Wilder anaifotokoza m'buku lake la 1978. Mpata wa theka la ATR umakula msika ukavuta n'kuchepa ukadekha. Koma zimenezi zimangokonza kukula kwa sefa, sizichotsa kuchedwa kumene sefayo imabweretsa.

Gulu lina la masefa limayesa kuyankha funso lina: kodi msikawu uli ndi kolowera? Chodziwika kwambiri ndi ADX, yochokera m'buku lomwelo la Wilder, imene kawirikawiri imawerengedwa pa masiku 14. Ikakhala pansi pa 20 anthu amati msika ulibe kolowera, ikaposa 25 amati walunjika. Vuto lake n'lakuti nayonso ndi avareji, ndipo inasalazidwa kawiri, choncho imakwera ulendo utayamba kale. Masiku 14 alinso ochepa kuposa funde la masiku 20 la sheya yathu, ndiye mkati mwa funde lililonse imaona ngati msika walunjika.

Muyezo wosavuta kumva ndi wa Perry Kaufman. Mumatenga mtunda umene mtengo wasuntha kuchokera pa tsiku loyamba kufika lero, n'kugawa ndi mtunda wonse umene wayenda tsiku ndi tsiku, kukwera ndi kutsika komwe. Yankho likayandikira 1, mtengo wayenda molunjika. Likayandikira 0, wangopita ndi kubwerera. Tiuyese pa tsiku la 13 lija, lokhala ndi chizindikiro chogulitsa. Mukayang'ana masiku 30 apitawo, mtengo wayenda madola 15 onse pamodzi koma wasuntha ndi madola awiri okha, yankho ndi 0.13. Zikuoneka ngati sefa yagwira wakuba. Koma werengerani chimodzimodzi pa sheya imene inakwera chaka chonse ndipo tsopano yayamba kugwa kwenikweni. Masiku 30 apitawo ali ndi masiku 17 okwera ndi 13 otsika, monga momwe zilili pa sheya yathu, ndipo yankho ndi 0.13 yemweyo. Pa tsiku la chizindikiro, kutembenuka kwenikweni ndi kwabodza kumafanana ndendende kwa aliyense woyang'ana masiku 30 okha.

Kusiyana kumaoneka mukayang'ana patali. Pa masiku 60, sheya yozungulira ija imapereka 0.10, pamene yokwera chaka chonse imapereka 0.57. Phunziro lake n'lakuti sefa iliyonse yoyeza kolowera msika iyenera kuona masiku ochuluka kuposa funde limodzi lathunthu, ndiponso kuposa mzere wanu wautali. Ngati mizere yanu ndi 10 ndi 30, yang'anani masiku 60 kapena kuyang'ana ngati avareji ya masiku 200 yapendekeka kapena yagona. Ngakhale zili choncho, chimene sefayo ikukuuzani n'chakuti msika unali wotani m'mbuyomu. Maulendo aakulu ambiri amayambira mkati mwa msika umene wakhala nthawi yaitali ukungozungulira, nthawi imene ADX ndi muyezo wa Kaufman zili pansi, ndipo sefa yotereyi imakana chizindikiro choyamba chabwino pamodzi ndi zabodza zija.

Pa masefa onse, amene ndimaona kuti ali ndi nzeru kwambiri ndi oyang'ana mtengo weniweniwo. Mizere ikadutsana mumangoti tcheru, koma simugula mpaka mtengo utatseka pamwamba pa malire a msikawo, mwachitsanzo pamwamba pa mtengo wokwera kwambiri wa masiku 50 apitawo. Ganizo la malire otereli limadziwika ndi dzina la Richard Donchian. Pa sheya yathu malirewo ndi 105. Kwa chaka chonse chozungulira simugula ngakhale kamodzi, ndipo madola 18 aja atsala m'thumba. Tsiku limene mtengo udzatuluke, mudzagula cha ku 105.50 m'malo mwa 101.50. Mwalipira madola anayi kamodzi kokha, ndipo mukudziwa pasadakhale kuti malipirowo ndi amenewo. Sefa imeneyi ilinso ndi pofooka pake. Mtengo umatha kutuluka tsiku limodzi kapena awiri n'kubwereranso mkati, ndipo pamenepo mumakhala mutagula pamwamba penipeni. Chifukwa chake potulukira pasakhale pa kudutsana kwa mizere, komwe kungakusiyeni mpaka 98.50 kapena kutsikirapo. Mtengo ukatseka mkati mwa malire akale ndi mtunda woposa ATR imodzi, chifukwa chogulira chatha, ndipo kutuluka pamenepo kumachepetsa kuluza.

Pali misika ina imene zonsezi sizigwira n'komwe. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre, masheya ena amatha masiku angapo mtengo wake osasintha chifukwa ogula ndi ogulitsa ndi ochepa, ndipo chizindikiro chikabwera sizitanthauza kuti mupeza wokugulani pa mtengo umene uli pa tchati. Kwacha nayo, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inasuntha tsiku limodzi, ndipo mzere uliwonse unadzanena nkhaniyo itachitika kale. Avareji imafuna msika wa malonda ambiri tsiku lililonse, umene mtengo wake umayenda pang'onopang'ono.

Chotsala ndi kayesedwe ka sefa pa mitengo yakale, pomwe anthu ambiri amadzinamiza. Pa tchati cha tsiku ndi tsiku chizindikiro chimakhala chenicheni msika ukatseka. Masana mizere imatha kudutsana n'kubwerera madzulo. Choncho poyesa, mtengo wogulira ukhale wotsegulira wa tsiku lotsatira, osati wotsekera wa tsiku la chizindikiro, ndipo muchotse komishoni pa malonda aliwonse. Musangowerenga zizindikiro zabodza zimene sefa yachotsa. Lembani ndandanda ziwiri, ndalama zimene yapulumutsa pa malonda oluza ndi zimene yataya polowa mochedwa kapena kuphonya malonda opindula. Njira zotsatira ulendo wa msika kawirikawiri zimaluza malonda ambiri kuposa amene zimapindula, ndipo phindu la zaka zingapo limachokera ku malonda ochepa aakulu. Sefa imene yachotsa malonda khumi oluza madola atatu aliyense n'kuphonya amodzi a madola 40 yakuwonongerani madola khumi, ngakhale tchati chikuoneka choyera.

Ngozi yomaliza ndi yosankha manambala. Mukayesa mizere ndi masefa ambirimbiri pa zaka zomwezo, imodzi idzaoneka yabwino mwamwayi chabe. Mu 1999 Ryan Sullivan, Allan Timmermann ndi Halbert White anaunika malamulo pafupifupi 8,000 pa Dow Jones, ndipo anapeza kuti amene anachita bwino kufika 1986 sanapitirize kutero pa zaka khumi zotsatira. Munthu wamba angadziteteze m'njira ziwiri. Gawani mitengo yanu pawiri, sankhani manambala pa zaka zoyamba, kenako muwayese kamodzi kokha pa zaka zotsalazo osasinthanso kanthu. Ndipo sunthani nambala iliyonse pang'ono: 50 ikhale 45 kapena 55, malire a ADX achoke pa 25 kupita pa 22 kapena 28, masiku odikira akhale awiri kapena anayi. Phindu likangotsika pang'ono, sefayo ikugwira chinthu chimene chilipodi pa msikawo. Likazimiririka, ndiye kuti manambalawo anangolambalala malonda awiri kapena atatu oipa a m'zaka zimenezo, ndipo musaike ndalama zanu pa sefa imeneyo.